Fizi ya teremu: mulipire yonse potsegulira kapena pang'onopang'ono?

Sukulu zikatsala sabata ziwiri kuti zitsegulidwe, funso limakhala lomwelomweli: "Ndalama ndapezako koma siyikukwana bwino. Ndikongole kuti ndimalize fizi yonse, kapena ndikapereke yomwe ilipoyi, inayo ndizimaliza pang'onopang'ono?" Ndaliyankha kokwanira pakamwa, choncho ndalemba pano kamodzi kuti aliyense azidziwerengera yekha.

Ndikukamba za sukulu za pulaiveti ndi za mishoni, makamaka zogonera komweko, chifukwa ndi kumene fizi imakhala yaikulu ndipo ana amabwezedwa ikapanda kukwana. Ziwerengero zonse zili m'munsimu ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu muikepo za sukulu ya mwana wanu.

Yankho lake silili pa ndalama imene muli nayo m'thumba lero yokha. Lili pa madeti awiri: tsiku limene ndalama imalowa m'nyumba mwanu, ndi tsiku limene sukulu imatulutsa mndandanda wa ana oti abwezedwe. Masiku awiriwa akagwirizana, kulipira pang'onopang'ono kumayenda bwinobwino. Akasemphana, ngakhale ndi masiku atatu okha, mwana mumuona ali pakhomo ndi chikwama chake.

1. Pezani pepala la fizi, musadalire zomwe wanena mwana

Sukulu iliyonse yolongosoka imatulutsa kalata ya fizi pamodzi ndi lipoti la teremu yapitayo. Ngati simunailandire, itanitsani ku ofesi. Pa kalatayo muone zinthu izi: fizi yonse ndi zingati, ndi mbali iti imene ayenera kulandira tsiku lotsegulira kuti mwana alowe pageti, yotsalayo ikufunika pofika liti, komanso ngati pali kuchotsera kwa amene walipira yonse kapena chilango kwa wochedwa. Sukulu zina zimafuna theka potsegulira, zina zimafuna yoposa theka, zina sizilola n'komwe kulipira m'zigawo kwa mwana watsopano.

Muonenso zimene zili kunja kwa fizi. Ndalama ya chitukuko, ya yunifolomu, ya makalasi apadera, ya chipatala, kawirikawiri zimalembedwa pazokha ndipo zimafunika zonse potsegulira. Ndalama ya mayeso a MANEB, kaya ndi a Sitandade 8, a JCE kapena a MSCE, ndi nkhani ina: ili ndi tsiku lake lotsekera ndipo pamenepo palibe zokambirana ndi ahedi. Ngati mwana wanu ali m'kalasi ya mayeso, ndalama imeneyi muipatuliretu musanayambe kugawa ya fizi.

Funso limodzi limene makolo ambiri safunsa ndi ili: "Kodi fizi ikakwera pakati pa teremu, amene anamaliza kale adzawonjezera?" Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chimanga, nyemba, shuga ndi mafuta inasintha teremu yoyamba ili mkati, ndipo sukulu zogonera zimadyetsa ana ndi zinthu zimenezi. Pali sukulu zimene zimati wolipiriratu wathana nazo, kukwerako kukhudza okhawo amene ali ndi balansi. Pali zina zimene zimauza aliyense kuti awonjezere. Yankho la funso limeneli likuuzani ngati kulipiriratu kukutetezani kapena ayi.

2. Werengani ndalama yonse ya tsiku lotsegulira

Cholakwika chofala ndi kuwerenga fizi yokha. Tiyerekeze kuti fizi ndi K450,000 pa teremu, ndipo sukulu ikufuna 60 peresenti potsegulira, kutanthauza K270,000. Koma mwana sapita chimanjamanja. Thiransipoti K30,000, golosale ndi sopo K60,000, makope ndi zolembera K20,000, ya m'thumba K25,000. Zonse pamodzi K135,000.

Ndiye kuti kulipira yonse kukufuna K585,000 tsiku limodzi, osati K450,000. Kulipira m'zigawo kukufuna K405,000, n'kutsala ndi balansi ya K180,000. Balansi ndi ndalama yotsala imene sukulu ikukudikirani nayo, ndipo imalembedwa pa dzina la mwana m'buku la abasala, amene ndi msungichuma wa pasukulu.

Pamwamba pa zimenezi pali nyumba imene mwana akuisiya. Lendi, ufa, magetsi ndi madzi siziima chifukwa sukulu zatsegulidwa. Kholo limene lakokolola zonse kuti limalize fizi, n'kupezeka pa sabata yachiwiri likukongola ya ndiwo kwa katapila, silinapulumutse kanthu. Langosamutsa ngongole kuichotsa ku sukulu, kumene inalibe chiwongoladzanja, kupita nayo kumene imabereka sabata ndi sabata.

3. Onani mmene ndalama imalowera kwanu

Apa ndi pamene anthu amasiyana, ndipo n'chifukwa chake malangizo a mnzanu wa ku ntchito angakusocheretseni.

Ngati ndinu mlimi, ndalama yanu imabwera kamodzi pa chaka. Soya ndi mtedza mumagulitsa kuyambira cha mu Epulo kapena Meyi, fodya amalowa kumsika nyengo yomweyo mpaka cha mu Ogasiti. Kwa inu kulipira pang'onopang'ono ndi msampha, chifukwa gawo lachiwiri lidzafunika mu Okutobala kapena Novembala, nthawi imene mukusaka feteleza ndi mbewu, ndipo kulibe malipiro ena amene akubwera. Lipirani yonse ya teremu yoyamba ndalama ikadali m'manja. Mukatha, ikaniko ina ya teremu yachiwiri, chifukwa Januwale ndiye mwezi woipitsitsa: Khrisimasi yadya, feteleza wobereketsa akufunika, chimanga m'nkhokwe chatsika, ganyu wopalira akufuna ndalama. Ambiri amene ana awo amatsalira kunyumba amatsalira teremu imeneyi.

Komabe musatsogoze fizi ya chaka chonse mwachimbulimbuli. Funsani kaye ngati amabweza ndalama mwana akasamutsidwa, akadwala nthawi yaitali kapena akachotsedwa sukulu. Malo ambiri fizi ikalowa siituluka. Ngati sabweza, ndi bwino ya teremu yachitatu ikhale ku akaunti ya ku banki kapena ku SACCO imene simuigwiragwira, kusiyana n'kuti ikhale m'buku la sukulu imene mwina mwana sadzamalizako chaka.

Ngati mumalandira pakutha pa mwezi, zigawo zimakuyenerani, chifukwa teremu imodzi imakhala ndi malipiro awiri kapena atatu mkati mwake. Chofunika ndi kudziwa ndalama yeniyeni imene mungapatule pa malipiro aliwonse mutachotsa lendi, chakudya ndi ngongole zimene amadula kale. Musawerengere alawansi imene simunailandire, kapena ndalama imene wina anakulonjezani kuti abweza.

Ngati muli pa geni, funso ndi lakuti fiziyo ichoka pa phindu kapena pa mpamba. Mayi wogulitsa kaunjika amene mpamba wake ndi K600,000 akachotsapo K585,000 tsiku limodzi, mawa alibe chokapikulira belo, ndipo fizi ya teremu yotsatira ilibe kochokera. Akapereka K405,000, watsala ndi K195,000 yoyendetsera msika, ndipo balansi ija angaitole pa phindu la sabata zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu. Kwa munthu wotere kulipira pang'onopang'ono si umphawi, ndi kuteteza gwero la fizi. Koma zimatheka pokhapokha ngati akupatula ndalamayo sabata iliyonse, mwachitsanzo K30,000 Loweruka lililonse, n'kuiika pamalo pena. Akati adzaichotsa yonse pa mpamba tsiku likakwana, tsikulo limapeza ndalama ili m'katundu amene sanagulidwe.

4. Musanakongole kuti mumalize, chitani masamu awa

Tibwerere ku chitsanzo chathu. Muli ndi K500,000 m'manja. Kuti mulipire zonse mukuperewera K85,000. Tinene kuti sukulu imachotsera 5 peresenti kwa wolipira yonse potsegulira, kutanthauza K22,500. Ndiye kuti kwenikweni mukuperewera K62,500.

Mwapita ku banki m'khonde, kumene gulu lanu limakongozana pa K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pa K62,500 chiwongoladzanja ndi K12,500 mwezi umodzi. Mukabweza mwezi womwewo, mwapindula K10,000 poyerekeza ndi kuchotsera kuja. Mukatenga miyezi iwiri, chiwongoladzanja chafika K25,000 ndipo mwaluza kale K2,500, osawerengera kuti kunyumba munatsala opanda ngakhale ya mchere. Mukapita kwa katapila, amene ena amafuna theka la ndalamayo pamwamba pakutha pa mwezi, masamu ake safunanso kuwerengera.

Ngati sukulu sichotsera kalikonse ndipo siika chilango pa balansi, kukongola kuti mumalize fizi kulibe phindu lililonse. Sukulu yakupatsani kale ngongole yopanda chiwongoladzanja. Itengeni.

Kumbali inayo, zigawo nazo zili ndi mtengo wake umene suoneka pa pepala. Nthawi iliyonse mukatumiza pa foni kapena kuchokera ku banki ina amakudulani kenakake. Chachikulu ndi kubwezedwa kwa mwana: thiransipoti yobwera ndi yobwerera, pa chitsanzo chathu K60,000, kuwonjezera masiku a maphunziro amene ataye, ndipo fizi ya masiku amenewo palibe amene adzakuchotsereni. Kubwezedwa kamodzi kokha kumadya ndalama yoposa chiwongoladzanja cha banki m'khonde cha miyezi iwiri. Ndiye ngati mukudzidziwa kuti ndalama ikakhala m'nyumba siichedwa kupeza ntchito, pali maliro kumudzi, pali mlamu amene wabwera ndi vuto, lipirani yonse pamene muli nayo. Ndalama ya fizi yosungidwa pa foni imatha pa K5,000 pa K5,000, mwini wake osazindikira.

5. Kukambirana ndi sukulu

Mukasankha zigawo, ntchito yeniyeni ili pano, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amagwa. Amangotumiza mwana ndi silipi ya ndalama yochepa, n'kumuuza kuti, "Ukawauze kuti ina ibwera." Mawu amenewo si pangano. Mwana alibe mphamvu yolonjeza, ndipo amene amulandira pageti si amene amasunga buku.

Pitani kapena imbani sabata imodzi sukulu isanatsegulidwe. Tsiku lotsegulira lenileni ofesi imakhala yodzaza, abasala akulandira masilipi mazanamazana, ndipo aliyense pamzerepo ali ndi nkhani yake yomvetsa chisoni. Yanu idzangomveka ngati ya enawo. Sabata ya m'mbuyo mwake amakhala ndi mpata womvetsera.

Dziwani amene ali ndi mphamvu yovomera. Kwina ndi ahedi, kwina ndi mwini sukulu kapena dayilekitala, kwina abasala amaloledwa mpaka pa mlingo wina. Funsani mosabisa: "Abwana, nkhani ya zigawoyi amavomereza ndani?" Mukagwirizana ndi munthu amene alibe mphamvuyo, ngakhale akhale mphunzitsi amene mumapemphera naye mpingo umodzi, dzina la mwana lidzatulukabe pa mndandanda.

Pitani ndi ziwerengero ndi madeti, osati ndi madandaulo. Mawu akuti "zinthu zavuta, ndikapeza ndibweretsa" amawamva tsiku lililonse, ndipo kwa iwo amatanthauza kuti ndalamayo siibwera. Yerekezani ndi awa: "Mayi, fizi ndi K450,000. Potsegulira ndipereka K300,000. Yotsala K150,000 ndiigawa pawiri, K75,000 pa 5 Okutobala ndi K75,000 pa 5 Novembala. Ndimalandira kumapeto kwa mwezi." Munthu wolankhula chonchi savuta kumuvomera, chifukwa sukulu nayo ikuwerengera nthawi yogula chimanga ndi yolipira aphunzitsi, ndipo imafuna kudziwa ndalama idzalowa liti.

Taonani zinthu ziwiri pa chitsanzochi. Choyamba, gawo loyamba ndaika K300,000 ngakhale sukulu ikufuna K270,000. Pa K500,000 ija, mutachotsa K135,000 ya zofunika za mwana ndi K300,000 ya fizi, mwatsala ndi K65,000 ya panyumba. K30,000 yowonjezerayo yatsitsa zigawo zotsatira kuchoka pa K90,000 kufika pa K75,000, ndalama imene malipiro angaipirire. Gawo loyamba lizikhala lalikulu mmene mungathere, bola panyumba patsale chodyera mpaka malipiro otsatira.

Chachiwiri, deti ndaika pa 5, osati tsiku la malipiro lenileni. Malipiro amachedwa, netiweki ya banki imavuta, tsikulo limagwera Loweruka kapena pa holide, ndipo ndalama yochokera ku banki ina siifika nthawi zonse tsiku lomwelo. Mukalonjeza pa 28 n'kulipira pa 2, mwaswa pangano. Mukalonjeza pa 5 n'kulipira pa 2, ndinu kholo lodalirika, ndipo teremu yamawa sadzakuvutitsani. Ndalama ndi yomweyo, tsiku ndi lomwelo, koma mbiri yanu mu ofesimo ndi yosiyana.

Kenako funsani tsiku limene amabweza ana. Sukulu zambiri zimachita zimenezi cha pa miditemu, kapuma ka pakati pa teremu, kuti mwana amene wapita kunyumba asabwerere opanda ndalama, komanso sabata imodzi kapena ziwiri mayeso a kumapeto kwa teremu asanayambe. Ngati gawo lanu lomaliza likugwera patsogolo pa tsiku limenelo, nenani pomwepo kuti, "Nanga mndandanda ukamatuluka pa miditemu, mwana wanga adzakhala ali ndi balansi ya K75,000. Dzina lake mudzalichotsa bwanji?" Funso limeneli ndiye mtima wa pangano lonse. Mndandanda umatengedwa m'buku kapena pa kompyuta, aliyense amene ali ndi balansi amatulukapo, ndipo amene amakawerenga maina ku asembule kapena ku hostelo nthawi zambiri ndi achiwiri kwa ahedi kapena aphunzitsi oyang'anira zogona. Iwowo sanali nawo pa zokambirana zanu.

N'chifukwa chake pangano liyenera kulembedwa. Silifuna loya. Kalata yaifupi ngati iyi ndi yokwanira:

Kwa Ahedi, ine kholo la (dzina la mwana monga lilili m'kaundula), wa Fomu 3, nambala yake ya pasukulu (nambala), ndikupempha kulipira fizi ya teremu yoyamba, K450,000, motere: K300,000 potsegulira, K75,000 pofika pa 5 Okutobala, K75,000 pofika pa 5 Novembala. Ndikupempha kuti mwanayu asabwezedwe malinga ngati ndikusunga madeti amenewa.

Musaine, wovomerezayo asainenso ndi kudinda chidindo cha sukulu. Mapepala akhale atatu: lina litsale mu ofesi, lina kwa inu, lina mwana alisunge m'sutikesi kuti dzina lake likaitanidwa akhale ndi choonetsa. Ngati mukukambirana pa foni chifukwa muli kutali, tumizani mawu omwewo pa uthenga ndipo mupemphe kuti akuyankheni molemba kuti avomera. "Chabwino" wa pakamwa amaiwalika, ndipo abasala akhoza kusintha teremu ili mkati.

Langizo lomaliza pa gawo lino: musalonjeze zigawo zambirimbiri. Ziwiri kapena zitatu ndi zokwanira. Mukati muzipereka K20,000 sabata iliyonse, mwachulukitsa malisiti oti asokonekere komanso masiku oti mulephere.

6. Lipirani m'njira yoti ndalama ipeze dzina la mwana

Ana ambiri amabwezedwa ndalama italipiridwa kale. Chimachitika ndi ichi: bambo apita ku banki, pa silipi alemba dzina lawo, kapena atuma mnyamata wa pa shopu amene walemba lake. Ku sukulu ndalama ikuoneka kuti yalowa mu akaunti, koma sakudziwa kuti ndi ya mwana uti, makamaka ngati mwana amagwiritsa ntchito dzina la bambo ena kapena la agogo ake. Imangokhala pambali, pamene balansi ya mwana sinasunthe.

Pamalo olemba chifukwa cha malipiro, pamene pa silipi kapena pa foni pamalembedwa kuti Reference kapena Narration, lembani dzina la mwana monga lilili m'kaundula wa sukulu, kalasi yake ndi nambala yake ngati ali nayo. Ngati muli ndi ana awiri pa sukulu imodzi, lipirani aliyense payekha. Mukaphatikiza, abasala adzagawa mmene akuonera, mwina adzaika yonse kwa wamkulu, wamng'ono n'kubwezedwa.

Silipi ya ku banki kapena uthenga wa Airtel Money kapena wa Mpamba si lisiti la sukulu. Ndi umboni chabe wakuti ndalama inachoka kwa inu. Muutumize ku ofesi tsiku lomwelo ndipo mupemphe lisiti la sukulu, lokhala ndi nambala, losonyeza ndalama imene alandira ndi balansi imene yatsala. Jambulani silipi ndi lisiti zomwe pa foni nthawi yomweyo, chifukwa timapepala ta m'makina a maejenti timafufutika pakangopita miyezi yochepa, makamaka tikakhala m'chikwama motentha.

Mwana musamupatse fizi pamanja kuti akapereke yekha, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. M'minibasi ndi m'madepoti akuba amadziwa bwino sabata yotsegulira. Musaperekenso kwa mphunzitsi kapena pa nambala ya foni ya munthu, pokhapokha ngati nambalayo yalembedwa pa kalata ya fizi. Mukalandira uthenga wakuti sukulu yasintha akaunti, kapena wakuti tumizani msanga pa nambala iyi mwana asabwezedwe lero, imbani kaye pa nambala ya ofesi imene mumaidziwa kale. Amene ali ndi balansi ndi amene amagwa msanga mu msampha umenewu, chifukwa uthengawo umawapeza ali kale ndi mantha.

Ngati fizi mumasonkherana, amalume ali ku Joni, azakhali ali ku Mangalande, inu muli kuno, sankhani munthu mmodzi wosunga malisiti onse ndi wolankhula ndi sukulu. Apo ayi aliyense amaganiza kuti mnzake wamaliza. Wa kunjayo mumupatse gawo loyamba kapena lapakati, osati lomaliza, kuti ikachedwa panjira pakhale nthawi yokonza.

7. Samalani ndi ngongole ya teremu yapita

Ichi chimadabwitsa makolo ambiri. Ngati munatsala ndi K40,000 teremu yatha, ndalama iliyonse imene mupereke tsopano imayamba yatseka dzenje limenelo. Mwapereka K270,000 mukuganiza kuti mwakwanitsa 60 peresenti, koma m'buku K40,000 yapita ku ngongole yakale, ya teremu ino yalowa K230,000 yokha, ndipo mwana akanizidwa pageti. Musanawerengere gawo loyamba, funsani kuti, "M'buku mwanu mukuoneka balansi yanji pa dzina la mwanayu?" Nthawi zina mumapezamo zinthu zimene simumazidziwa: buku la ku laibulale limene linatayika, windo limene kalasi yonse inalipitsidwa, ndalama ya ulendo. Ngati chiwerengero chawo chikusiyana ndi chanu, khalani pansi ndi malisiti anu mufanizire limodzilimodzi ndi buku lawo. Kawirikawiri mumapeza malipiro amodzi amene analembedwa pa mwana wina wa dzina lofanana.

8. Teremu yomaliza ya kalasi ya mayeso

Kwa mwana wa Fomu 4 kapena Sitandade 8, teremu yachitatu ndi yaifupi chifukwa mayeso a MANEB amayamba isanathe, ndipo sukulu imadziwa kuti mwana akangolemba pepala lomaliza sadzabweranso. N'chifukwa chake zambiri zimakana zigawo teremu imeneyi, kapena zimafuna zonse zithe mayeso asanayambe. Konzekerani kulipira yonse potsegulira, ndipo yambani kupatula kuyambira teremu yachiwiri. Ngati muli m'chipereganyu, pemphani anzanu kuti ulendo wanu wolandira ugwere mwezi wa Epulo. Balansi ikatsala, sukulu zambiri zimagwira zotsatira, satifiketi kapena kalata yosamukira mpaka mutamaliza, ndipo zimenezi zimadzakupwetekani nthawi yofunsira malo ku koleji, pamene masiku ali owerengeka.

9. Mukaona kuti deti mulephera

Imbani masiku atatu kapena anayi tsikulo lisanafike, osati litadutsa. Nenani ndalama imene muli nayo ndi tsiku latsopano: "Abwana, pa 5 ndimayenera kupereka K75,000. Ndili ndi K45,000, ndatumiza lero, silipi ndi iyi. K30,000 yotsalayo ndimaliza pa 14." Perekani yomwe ilipoyo, musaisunge kudikira kuti ikwane, chifukwa mu ofesi amayang'ana ngati balansi ikutsika. Pemphani kuti deti latsopanolo alilembe pa kalata ija n'kusainapo, ndipo mwana mumuuze zimene mwagwirizana kuti asadzidzimuke.

Mukalephera kawiri motsatizana, vuto si deti ayi, ndi lakuti fiziyo yaposa mphamvu za nyumba yanu. Pamenepo chitani masamu a chaka chonse: K450,000 katatu ndi K1,350,000, kuwonjezera K135,000 katatu, zonse K1,755,000, kutanthauza pafupifupi K146,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, kuphatikizapo miyezi ya holide. Ngati simungapatule ndalama imeneyo pamwezi, funsani ngati sukuluyo imalola kuti mwana aziyendera kuchokera kwa wachibale wapafupi, kapena yambani kufufuza sukulu ina teremu isanathe. Mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 3 amasamuka mosavuta kusiyana ndi amene dzina lake lalembetsedwa kale ku MANEB pa sukulu imeneyo.

Mukapereka gawo lomaliza, pemphani lisiti kapena sitetimenti yolembedwa kuti balansi ndi K0, yokhala ndi chidindo ndi deti. Muisunge pamodzi ndi lipoti la mwana, ndipo muzipita nayo tsiku lokakambirana za teremu yotsatira.